Apongozi amangotulukira osanena: anene ndani, ndipo anene chiyani?

"Ine ndi amuna anga timakhala ku Chilenje ndi ana athu awiri, m'nyumba ya lendi ya zipinda zogona ziwiri. Apongozi anga aakazi amakhala ku Katete, ndipo akafuna kubwera sanena. Timangomva foni kuti ali kale pa siteshoni ya mabasi ya Intercity muno mu Lusaka, tikawatenge. Ulendo watha anabwera ndi mdzukulu wawo wina, n'kukhala milungu itatu. Ine ndimagwira ntchito ya mashifiti, masiku ena usiku. Sindidana nawo, koma ndatopa. Amuna anga amangoti, 'Ndi amayi, ndingatani?' Ndiwalembere uthenga wotani pa WhatsApp woti azitiuza asananyamuke, koma osawakhumudwitsa?"

Mayi, mawu oti anenedwe ndikupatsani, koma pa zomwe mwakonzazo pasinthe zinthu ziwiri. Woyamba kulankhula asakhale inu, akhale mwana wawo. Ndipo uthenga woyambawo usakhale wolemba, ukhale wapakamwa, pa foni yochita kuimba. Uthenga wanu inuyo ulipo, koma umabwera pambuyo ndipo ntchito yake ndi ina.

Mwana akauza mayi ake kuti azinena asanabwere, mayiyo akhoza kukalipa, kudula foni, mawa lake n'kuimbanso kufunsa ngati adzukulu adzuka bwino. Za mwana wobereka wekha sizigonera. Koma mawu omwewo akachokera kwa mpongozi amasungidwa. Amakafika kwa alamu anu, kwa azakhali, kwa amayi a chigwirizano, ndipo pofika kumeneko amakhala atasanduka akuti mkazi uja waletsa apongozi ake kuponda pakhomo pa mwana wawo. Zaka zisanu zikubwerazi mudzawamvabe akunong'onedwa pamaliro, inu mukutunga madzi. Kwathu kum'mawa nkhani yolemera ya pakati pa munthu ndi apongozi ake siyenda molunjika, imadzera mwa munthu wapakati, ndipo wapakati woyamba pano ndi amene anakubweretsani m'banjamo.

Palinso china chimene chimasokoneza mabanja ambiri a mu Lusaka. Kumudzi kwa Achewa zinali zodziwika kuti pakhomo ndi pa yani. Mwamuna akapita chikamwini, amayi ake pobwera amadziwa kuti ndi alendo m'mudzi wa eni. Mkazi akatengedwa chitengwa, amadziwa kuti wakhala pakati pa abale a mwamuna. Nyumba ya lendi ya ku Chilenje, yomwe mwina mumalipira nonse awiri, si chikamwini ndipo si chitengwa. Mwambo sunaikonzere lamulo. Choncho apongozi amaitcha nyumba ya mwana wawo, inu mumaitcha nyumba yanu, ndipo nonse simukunama. Woti anene kuti nyumbayi iziyenda motere, iwo n'kumva osaona ngati alandidwa, ndi mwana wawoyo basi.

Za kulemba, taganizani kuti uthengawo akauwerenge ndani. Amayi ambiri a msinkhu umenewo ali ndi kafoni ka mabatani, ndipo WhatsApp ili pa foni ya mdzukulu kapena ya mlamu wanu wa pafupi. Amene awawerengereyo adzaika mawu ake, adzakweza pamene inu munatsitsa, ndipo nkhani idzakhala itafika kale kwa munthu wachitatu iwo asanaimve. Uthenga wolemba amathanso kuujambula n'kuuponya m'gulu la banja, kumene aliyense adzaumasulira mmene afunira. Foni yoimba ilibe chotsalira. Apongozi akakhumudwa, mwana wawo amva pompo n'kufewetsa mawu nthawi yomweyo.

Musanakonze mawu, dziwani kaye chifukwa chake sanena. Kuchoka ku Katete kufika mu Lusaka ndi makilomita pafupifupi 500, kudutsa Sinda, Petauke, Nyimba, mlatho wa Luangwa, mapiri aja mpaka Chongwe. Ndi ulendo wodya tsiku. Munthu sauyamba mwangozi. Anamanga katundu dzulo lake, anapeza wosiyira nkhuku ndi mbuzi, ndipo m'basi anakhala maola ambiri foni ili m'chitenje. Ngati sanaimbe, sikuti anaiwala. Pali chifukwa, ndipo uthenga wosakhudza chifukwacho ungopita pachabe.

Kawirikawiri chifukwa chake ndi mantha oti akanena auzidwa kuti adikire. Funsani amuna anu ngati amayi anayamba aimbapo kale n'kuyankhidwa kuti mwezi uno zinthu sizili bwino, tidzakuuzani. Mayi akamva zimenezi kawiri, amaphunzira kuti wopempha amakanizidwa koma wofika kale sabwezedwa, ndiye amasankha kufika. Ambiri amene ndakhala nawo pansi pa nkhani ngati yanuyi, muzu wake unali umenewu, ndipo mwamuna sanauze mkazi wake kuti anakanizapo amayi ake. Ngati ndi choncho, mtima wa uthenga wanu ukhale kuwatsimikizira kuti kunena sikutseka chitseko.

Chifukwa china ndi ulemu wawo. Kwa iwo, kuimba foni kuti ndibwere kuli ngati kupempha chilolezo, ndipo wopempha chilolezo ndi mlendo, osati mayi. Awa mumawadziwa ndi mawu awo pofika, monga akuti, "Kwa mwana wanga ndichite kulembera kalata?" Kwa otere mawu oti "chilolezo", "kupempha" kapena "kutifunsa" asatuluke m'kamwa mwa aliyense. Mawu ake ndi "kutidziwitsa". Ndipotu mwambo womwewo uli mbali yanu, chifukwa ngakhale kumudzi mayi salowa m'nyumba ya mwana wake wokwatira osaodira. Amaima panja, amati odi, amadikira ayankhidwe. Foni ya kutatsala masiku atatu ndi odi yemweyo, kungoti pakhomo patalika.

Onaninso masiku amene amabwera. Ngati maulendo awo amagwa kumapeto kwa mwezi, kapena mu Okutobala ndi Novembala pamene anthu akusaka feteleza ndi mbewu, kapena mu Januwale ndi Febuluwale nkhokwe zitapepuka, ndiye kuti ulendowo ndi wodzapempha thandizo lomwe pa foni akuona kuti sapatsidwa. Pamenepo kandalama kodziwika kotumizidwa pa foni mwezi ndi mwezi, ngakhale kochepa, kamachepetsa maulendo kuposa uthenga uliwonse. Ndipo musaiwale za matenda. Odwala ena a ku Katete amatumizidwa kuchokera ku chipatala cha St Francis kudzaonedwa ku UTH, chipatala chachikulu cha mu Lusaka, kapena ku chipatala cha khansa, ndipo makolo athu amabisa matenda kuopa kudetsa nkhawa ana. Ngati apongozi akabwera amazimirira m'mawa wina n'kubwerako madzulo atatopa, amuna anu awafunse mofatsa ngati pali kadi la kuchipatala. Tsiku lobwereranso limalembedwa pa kadipo, ndiye kuti ulendo wotsatira mukhoza kuudziwa miyezi isanakwane. Kuuza munthu wodwala mobisa kuti azinena asanabwere, inu osadziwa kuti akudwala, ndi chinthu chimene mungadzanong'oneze nacho bondo.

Tsopano sankhani chinthu chimodzi choti mupemphe. M'nkhani yanu muli zitatu zolukana: kusanena, kukhalitsa, ndi kubwera ndi anthu ena. Mukazinena zonse tsiku limodzi, apongozi sadzamva zopempha zitatu, adzamva mawu amodzi akuti sakufunidwa. Yambani ndi kunena, chifukwa zinazo zimamasuka zokha munthu akayamba kuimba foni. Pa foni yomweyo ndi pamene mwana wawo angafunse kuti mubwera ndi yani, ndipo tikonze masiku angati.

Pemphani masiku atatu, ndipo nenani nambalayo. Mukangoti "muzinena msanga", kwa iwo msanga ndi pamene basi yafika pa Nyimba. Mukati milungu iwiri, mwapempha zosatheka, chifukwa ulendo wa kumudzi umadalira tsiku limene mtedza wagulidwa kapena limene wapezeka wosiyira pakhomo. Masiku atatu ndi okwana kuti inu musinthane shifiti ndi mnzanu, amuna anu apemphe kutuluka msanga kuntchito, mugule thumba lina la unga ndi makala, ndi kukonza kuti ana agona pati. Zifukwa zimenezi n'zooneka ndi maso, ndipo mayi aliyense amene analandirapo alendo amazimvetsa.

Kovuta kwenikweni ndi kwa amuna anu, ndipo pano ndichedwapo. Mwamuna akati "ndingatani", nthawi zambiri sakunena kuti palibe chochita. Akunena kuti mtolowu suli pamutu pake. Tayang'anani bwino: foni ya pa siteshoni ikalira, amene amasiya tulo atachoka ku shifiti ya usiku ndi ndani? Amene amathamangira kumsika wa Soweto kukagula kapenta ndi tomato, kusamutsa ana, kutenthetsa madzi osamba, ndi ndani? Ngati zonsezi zimagwera inu, iwo alibe chowakakamiza kulankhula ndi amayi awo, chifukwa kwa iwo zinthu zikuyenda.

Musayambe ndi mawu oti "amayi anu", chifukwa mwamuna akangomva amenewo amayamba kuteteza asanamve nkhani. Yambani ndi zomwe zinachitikira amayiwo. Auzeni kuti tsiku lija anakhala pa siteshoni ndi katundu mpaka madzulo, anafika m'nyumba mopanda ndiwo, ndipo usiku munawasiya okha ndi ana inu mutapita kuntchito. Afunseni ngati ndi mmene afunira kuti amayi awo azilandiridwira. Kenako nenani poyera zimene inu mungathe ndi zimene simungathe: akanena kutatsala masiku atatu, mudzasintha shifiti ndipo mudzawalandira ndi manja awiri, akangotulukira, ntchito simudzajomba, ndipo kukawatenga ndi kuwapezera chakudya cha tsikulo kudzakhala kwa iwo amuna anu. Izi muzinene mofatsa, kamodzi, tsiku lopanda mkangano, ndipo mudzazichite.

Nthawi yoimbira foniyo ndi yofunika ngati mawu ake. Asaimbe apongozi ali m'nyumba mwanu, chifukwa kumeneko ndi kuthamangitsa mlendo. Asaimbe mawa lake atangobwerera, chifukwa adzayamba kufufuza chimene analakwa ali kwanu. Padutse milungu iwiri kapena itatu. Isakhalenso foni yomwe amayi apempha ndalama ndipo akanizidwa. Lamulungu masana atabwera kutchalitchi ndi nthawi yabwino, ndipo amuna anu ayambe afunsa ngati ali okha. Inu musakhale pafupi mpaka kumveka mukutsokomola, chifukwa akangodziwa kuti mulipo adzati mwana wawo akungobwereza zomwe wauzidwa.

Atatha malonje, za mvula, za kumunda ndi za odwala a m'mudzi, mawu ake akhoza kuyenda motere:

"Amayi, pali kanthu kakhala kakundivuta mumtima chichokereni inu. Tsiku lija munafika, munakhala pa siteshoni nthawi yaitali ndi katundu, ine ndili kuntchito. Zinandichititsa manyazi, amayi anga kukhala pa benchi ngati alibe mwana mu Lusaka. Ndiye ndati ndikupempheni, mukafuna kubwera muzindidziwitsa kutatsala masiku atatu. Ngati mulibe mayunitsi mungofulasha, ine ndiimba. Ndizitumiza ya basi, ndipo potsika muzindipeza nditaima pomwepo. Za matenda ndi maliro, zimenezo n'zina, mungonyamuka ngakhale osanena. Komanso tikufuna mubwere mu Ogasiti ana akatsekera sukulu, mudzakhale nafe mlungu wathunthu, mudzabwerere nthawi yabwino Kulamba isanafike."

Muone kuti m'mawu onsewa inu mulibemo. Wodandaula ndi iye, wochita manyazi ndi iye, wopempha ndi iye. Apa ndi pamene amuna ambiri amagwera. Amayi akangokweza mawu pang'ono, mwana amathawira kuseri kwa mkazi wake n'kuti, "Si ine amayi, ndi amake ana akudandaula." Chiganizo chimodzi chimenecho chimaononga kuposa mukanalemba nokha uthenga uja. Muwauze amuna anu asanaimbe kuti dzina lanu lisatchulidwe, ndipo akafunsidwa ngati mwawatuma ndinu, ayankhe kuti nkhaniyi ndi ya iwo.

Muonenso kuti pempholo labwera ndi zopereka. Ndalama ya basi ndi kukawachingamira ndi zimene apongozi akupindula akanena, zomwe sapeza akangotulukira. Koma musalonjeze zomwe simungakwanitse. Ngati ya basi yopita ndi kubwera ikulemerani, lonjezani yobwererera yokha, ndipo imeneyo ili ndi ubwino wake, chifukwa wogula tikiti ndi amene amafunsa za tsiku. Kupatula matenda ndi maliro nakonso kunenedwe ndithu, osangoganiza kuti adziwa okha. Mukapanda kutero, funso loyamba la alamu anu lidzakhala lakuti, "Ndiye amayi akadwala azidikira masiku atatu?"

Kuwaitana kwa mu Ogasiti ndiko kumanyamula uthenga wonse. Munthu amene waitanidwa ndi mwezi wake sanganene kuti akumuletsa kubwera. Ndipo malire a masiku alowamo popanda wowatchula kuti ndi malire. Kulamba, mwambo wa pachaka wa Achewa, imachitika kumapeto kwa Ogasiti ku Mkaika, ku Katete komweko, ndipo tsiku lobwerera likamangiriridwa pa chinthu cha kwawo chimene iwo eni safuna kuphonya, silimveka ngati mwawawerengera masiku. Miyezi ina mungamangirire pa kubzala, kupalira, kukolola kapena msonkhano wa kutchalitchi kwawo.

Chimodzi ndikuletseni: musanamizire eni nyumba. Ambiri amathamangira kunena kuti alandilodi safuna alendo, kapena kuti madzi akuvuta. Apongozi anu akadzabwera adzapita kukapereka moni kwa alandilodiwo, atanyamula kambale ka mtedza, ndipo adzapepesa chifukwa chobwera pafupipafupi. Alandilodi adzadabwa, bodza lidzaonekera, ndipo kuyambira pamenepo chifukwa chilichonse chimene mudzanene, ngakhale choona, chidzakayikiridwa.

Uthenga wanu ubwere patapita masiku awiri kapena atatu. Umenewu ukhoza kukhala wa mawu ojambula pa WhatsApp, chifukwa mulibe chimene mungachite nacho manyazi ngakhale mudzi wonse utaumva:

"Amayi, ndi ine mpongozi wanu, mwaswera bwanji? Ana akupereka moni, akungofunsa za agogo. Ndamva kwa atate awo kuti mubwera mu Ogasiti, ndakondwa kwambiri. Mukadziwa tsiku mundiuze, kuti ndisinthane shifiti ndi mnzanga, ndisadzakusiyeni nokha m'nyumba ngati ulendo uja. Ngati mfutso wa chitambe ulipo mudzatitengereko, wa kuno sufanana ndi wanu."

Simunabwereze lamulo, simunapepese, ndipo simunadziteteze. Mwangosonyeza kuti mukuwayembekezera, ndipo kunena tsiku kwaoneka ngati chinthu chothandiza iwo omwe. Kupempha mfutso kapena nsinjiro si nthabwala. Mayi wochokera kumudzi safuna kulowa m'nyumba ya m'tauni ngati wodzadya chabe, ndipo mukamupempha kanthu ka m'manja mwake amabwera ngati wofunika. Muzilankhula chilankhulo cha kwawo mmene mungathere, osasakaniza ndi Chingerezi cha kuntchito, ndipo uthengawo usapitirire mphindi imodzi.

Musayembekezere kuti avomera mokondwa. Yankho lofala ndi lakuti, "Ndiye kuti tsopano ndizipempha chilolezo kwa mwana wanga?" Amuna anu asayambe kufotokoza zambiri. Ayankhe kuti, "Ayi amayi, pakhomo ndi panu. Ndikungofuna muzindipeza ndakonzeka." Akabwerezanso funsolo, iwonso abwereze yankho lomwelo, osawonjezera zifukwa zatsopano, chifukwa chifukwa chilichonse chatsopano chimatsegula mlandu watsopano. Ena amaponya mwambi woti mlendo ndi mame. Zoona, ndipo palibe chotsutsa. Angovomera n'kunena kuti n'chifukwa chake akufuna masiku ochepawo azikhala okoma.

Ena sayankha kanthu, amangoti "chabwino" mozizira, kenako milungu iwiri osaimba. Kukhala chete kumeneku kumaopsa amuna ambiri mpaka amaimba n'kubweza mawu onse. Asabweze. Aziimba monga mwa masiku onse, kufunsa za moyo, kutumiza zomwe amatumiza, ana azilankhula ndi agogo awo. Apongozi akufuna aone ngati pempho lija linali chiyambi cha kuwataya. Akaona kuti china chilichonse chili m'malo mwake, mtima umatsika. Mlamu wanu akakuimbirani inu kufunsa kuti nkhaniyi yayamba bwanji, musalowe m'bwalo. Muuzeni mwaulemu kuti zimenezo anakambirana ndi achimwene ake ndi amayi, awafunse iwowo, ndipo inu mukudikira amayi mu Ogasiti.

Tsiku lina adzangotulukiranso. Izi muziyembekezere, chifukwa chizolowezi cha zaka sichitha ndi foni imodzi, ndipo ena amachita dala kuti aone ngati mawu aja anali enieni. Musawabweze, ndipo musawalandire ndi nkhope yokwinya. Apatseni moni mutagwada monga mwa nthawi zonse, madzi osamba, nsima ndi ndiwo zimene zilipo. Koma musachite zodabwitsa. Ngati muli pa shifiti, pitani ku shifiti. Wokawatenga akhale mwana wawo, ndipo ngati sangatuluke kuntchito mpaka 5 koloko, awauze amayi zoona kuti adikire mpaka nthawiyo kapena awatumizire takisi. Ngati ndiwo za tsikulo ndi repu ndi soya, zikhale zomwezo. Nkhuku idikire Loweruka. Uku si kulanga. Mukangojomba ntchito ndi kupha nkhuku monga kale, mwawauza kuti kunena ndi kusanena n'chimodzimodzi. Madzulo ake amuna anu anene kamodzi kokha, moseka, kuti, "Amayi, mukanandiuza bwenzi mutandipeza pa siteshoni," n'kusiya pomwepo.

Koma tsiku lofunika kuposa onse ndi limene adzaimbe koyamba kuti ndikufuna kubwera Lachisanu. Yankho la tsiku limenelo likhale inde, ngakhale mwezi uli pakati ndipo m'thumba muli mopepuka. Amuna anu akafike pa siteshoni basi isanalowe, inu mukhale mwasintha shifiti, pogona pakhale poyalidwa kale, ndiwo zikhale zija amazikonda. Ulendo woyamba ndi wachiwiri wonenedwa mukaukaniza, mwawatsimikizira mantha aja, ndipo sadzanenanso. Pambuyo pake, ngati tsiku lina silikuthekadi, musayankhe kuti tidzakuuzani. Perekani tsiku lina lenileni pompo: "Lachisanu lino amake ana ali pa shifiti ya usiku mlungu wonse, bwerani Lachisanu linalo, ya basi nditumiza Lachitatu." Ndipo Lachitatulo ndalama ipite.

Nkhani ya mdzukulu muisamale payokha. Pa foni yonena za ulendo, amuna anu afunse ngati chinthu wamba kuti, "Mubwera ndi yani, kuti tidziwe pogona?" Ngati ndi mwana wowaperekeza panjira chifukwa maso kapena miyendo yayamba kuvuta, ameneyo ndi wofunika, mulandireni. Koma mwana akabwera ndi chikwama chachikulu, yunifomu ndi makope, dziwani kuti pali maganizo oti atsale kwanu aziphunzira. Imeneyo si nkhani ya ulendo, ndi nkhani yolera mwana, ndipo iyenera kukambidwa ndi makolo ake a mwanayo, inu ndi amuna anu mutagwirizana kale, mwanayo asanakwere basi.

Pali pamene uthenga wokoma sukwanira. Ngati apongozi akafika amalowa kuchipinda kwanu, amafunsa ana kuti amayi anu amabwera nthawi yanji usiku, kapena amafuna kudziwa malipiro anu, ndiye kuti kusanenako ndi kofuna kukupezererani, ndipo vuto ndi kukayikira ntchito yanu ya usiku kapena kasungidwe kanu ka mwana wawo. Kulowa kuchipinda cha mwana wokwatira mwambo womwe umaletsa, ndipo wamkulu aliyense wa kwawo adzawauza zimenezo. Chimodzimodzi ngati amuna anu akana ndithu kulankhula, kapena alankhula koma n'kukutchulani. Zikatero pitani kwa ankhoswe anu, iwo akakumane ndi ankhoswe a kuchimuna. Ambiri amaopa kuti kuitana ankhoswe ndiye kuti banja lagwedezeka, koma ntchito yawo ndi yomweyi, kukonza zinthu zisanakule. Ngati ankhoswe ali kutali kumudzi, alangizi amene anakulangizani kapena mayi wamkulu wa kutchalitchi amene apongozi amamulemekeza akhoza kunyamula mawuwo. Musatume amayi anu okubalani, chifukwa ikatero nkhani yasanduka ya mabanja awiri.

Mwina amuna anu amayenda maulendo ataliatali, kapena inu ndi apongozi mumamasukirana mpaka amakuimbirani inu kuposa mwana wawo. Zikakhala choncho mukhoza kulankhula nokha, koma amuna anu adziwe ndipo avomere musanaimbe, kuti akafunsidwa asadabwe. Imbani, musalembe, ndipo kulemera kwa nkhani kukhale pa ntchito yanu:

"Amayi, ndili ndi pempho kwa inu ngati mwana wanu. Ntchito yangayi amatipatsa mashifiti, ndipo kuti ndisinthe pamafunika masiku atatu. Ulendo uja munafika ine ndili wa usiku, ndinakusiyani nokha, mtima unandipweteka. Mukamabwera muzindidziwitsa kutatsala masiku atatu, kuti muzindipeza pakhomo. Zikakhala za matenda kapena zovuta, musadikire, ingobwerani."

Mukatha kunena zimenezi khalani chete, muwasiye ayankhe, ngakhale patadutsa kanthawi foni ili zii. Musadzaze mpatawo ndi kupepesa kapena kuwonjezera za kuchepa kwa nyumba ndi kukwera kwa unga. Akayankha mokhumudwa, nenani kuti, "Ndamva amayi, sindinafune kukukhumudwitsani," mufunse za kumunda, mutsanzike bwino, ndipo madzulo omwewo amuna anu awaimbire n'kunena mawu omwewo ngati awo.